Diso la a Hector

A Nickson Makina anayamba kujambula anthu kale, makamera akadali a filimu. Ankapalasa njinga kuchoka pa Chiringa mpaka ku Nkhulambe ndi kwa Nazombe, kujambula maukwati, ubatizo ndi makwaya. Mafoni atafika m'midzi anthu anasiya kuwaitana, mawondo nawo anayamba kukana njinga. Anangotsala ndi kachipinda ka lendi pamsika, laputopu yakale ndi sikana yokopera zithunzi kuti zilowe m'laputopumo.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, kunabwera ntchito imene iwo sanaipemphe: zithunzi zotoledwa m'matope. Anaphunzira kuzikonza ndi pulogalamu ya pa intaneti yopanga zithunzi. Umapaka pamalo poonongekapo, n'kulemba m'Chingerezi zoyenera kukhalapo, ndipo iyo imajambula mwatsopano pomwe wapakapo pokha, potengera zozungulira.

Tsiku lina la msika kunabwera mayi Eveles a ku Nkhulambe. Anamasula nsalu n'kutulutsa chithunzi cha amuna awo, a Hector, amene madzi anawatenga ndipo thupi lawo silinapezeke.

"Munajambula ndinu," anatero mayiwo. "Chatsala n'chomwechi."

A Makina anaona chidindo chawo kuseri. A Hector anaima pafupi ndi khoma la njerwa la tchalitchi, atavala jekete. Matope anadya pang'ono, malo osaposa chikhadabo, koma anadya diso limodzi ndi pamwamba pa tsaya.

Anachisikana, n'kudula mbali ya nkhope kuti aikulitse. Anapaka pabala pamene matope anadyapo, kupitirira pang'ono m'mphepete kuti msoko usaoneke. Poyamba analemba mwachidule: diso ndi tsaya la bambo wachikulire. Chimene chinabwera chinali tsaya losalala, lowala ngati munthu wajambulidwa ndi fulashi, litamatidwa pankhope yomwe inali mumthunzi.

Kuwala ankakudziwa a Makina. Zaka makumi atatu anathera kutembenuza anthu kuti dzuwa lisawalase m'maso. Anayang'ana mthunzi wa mphuno ndi wa kolala. Kenako analemba bwinobwino: dzuwa la m'mawa lochokera kumanja kwa chithunzi, tsaya ili lili mumthunzi, kufiira pang'ono kochokera kukhoma la njerwa, khungu lakuda losanyezimira, chithunzi chakale cha filimu chooneka mwachimbuuzi pang'ono. Anadikira netiweki. Zinabwera zithunzi zinayi, ndipo chachitatu chinalowa bwino moti ngakhale iwo sanapeze pomwe panali bala.

Anatembenuza laputopu, mumtima akunyadira.

Mayi Eveles anayang'ana nthawi yaitali.

"Munthuyu ndi wooneka bwino," anatero. "Koma si bambo a Fainess."

"Chalakwika n'chiyani, mayi?"

"Diso limenelo linali logwa chikope. Anabayidwa ndi phesi la nandolo akadali mnyamata. Akamakuyang'ana ankakhala ngati akufuna kuseka."

A Makina anasiya mawu a kuwala momwe analili, n'kuonjezera za chikopecho. Kunabwera diso lotsinzina, lina lotupa, lina laulesi ngati la chidakwa. Onse anali mumthunzi woyenera. Mayiwo ankangopukusa mutu, a Makina n'kudinanso, mpaka ogulitsa chinangwa panja anayamba kumanga matumba awo.

"Kodi makinawa sakuona pansi pa matopewo?" anafunsa mayi Eveles.

"Ayi, mayi. Pansipo palibe kanthu, utoto unapita ndi madzi. Akungopeka diso loti ligwirizane ndi nkhopeyi. Amuna anu sakuwadziwa."

"Nanga inu? Si munawayang'ana pojambula?"

A Makina anayesa kukumbukira. Khomalo analikumbuka, ndi ola lake lomwe. Nkhope anajambula zikwizikwi, ndipo iyi inawasowa.

"Sindikukumbuka," anavomera.

Anakweza dzanja kuti adinenso, koma mayiwo anawagwira pamkono.

"Basi, lekani. Pobwera kuno ndimaliona diso lawo ndikatsinzina. Pano ndikuona awa mwandionetsawa."

Anakulunga chithunzi chawo cha bala chija m'nsalu, nakana chosindikiza chilichonse. A Makina anawaperekeza mpaka pomwe pamaima akabaza. Atabwerera anafufuta zonse zimene pulogalamu inapanga, n'kusunga chosikana choyamba chokha.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inachepanso. Jekete lodyedwa ndi nkhungu amalikonza, khoma, thambo, ngakhale ngodya ya velo ya mkwatibwi, ndipo palibe amene angaloze msoko. Koma bala likakhala pankhope ya womwalira, amabweza chithunzicho ndi manja awiri. Ena amakwiya n'kupita nacho kwa ojambula a pa boma, omwe sakana. A Makina amakhala pakhomo la kachipinda kawo, mawondo atawazenga ndi bandeji, kudikira ana a sukulu ofuna zithunzi za mayeso.