Batire Limene Ndinayanika pa Malata

"Kodi amake mwana, mabatire a wailesi akafooka inu mumawatani?"

Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana nafe ku Chilinde, tikuchapa pa mpopi Lachiwiri m'mawa. Ndinali nditangomudandaulira za laputopu ya mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene ankakhala nafe akuphunzira za unamwino. Anali m'chaka chomaliza, ndipo lipoti lake lalikulu linkafunika kusukulu Lachisanu la sabata yomweyo.

"Timayanika padzuwa," ndinayankha.

"Eya basi! Batire ndi batire, aneba. Lalikulu kapena laling'ono, likawotha dzuwa limadzuka."

Laputopuyo inali yakaunjika, yopyapyala, batire lake lophwatalala lolowera kunsi. Masiku amenewo mu mzere wathu wonse munalibe ina, moti tinkaisunga ngati mwana wakhanda. Koma inali itayamba khalidwe loipa. Mlamu akaichotsa ku magetsi, inkaonetsa kuti moto ulipo theka, kenako phi! yazima popanda kutsanzika. Magetsi akathima, nthawi zina inkapirira mphindi zisanu, nthawi zina inkathimira limodzi ndi babu. Zimene sanaseve zinkapita. Ndinkamumva kuchipinda akuti, "Aaa, iwe chinthu iwe!" ine nkudziwa kuti lero ndiwo tidya mwakachetechete.

Panalinso china chimene ndinachiona ndine, poti ndine ndinkapukuta tebulo. Kwa mwezi wathunthu laputopuyo inkagwedera. Ndinayamba ndanamizira tebulo. Kenako ndinapinda katoni ka sopo nkuika pansi pa ngodya imodzi, monga timachitira ndi mwendo wa kabati. Patapita masabata awiri ndinawonjezera katoni kena. Mlamu naye ankadandaula kuti pamene amayendetsa chala paja palimba, sipakudinikizika. Palibe mwa ife anaganiza zoitembenuza.

Lachiwiri lomwelo mlamu anapita kuchipatala kukaphunzira ntchito, laputopu anaisiya. Ndinagoneka mwana, ndinakankha kotsekera batire kunsi kwake monga ndinamuonera iye itangogulidwa kumene, batire nkutuluka movutikira. Linali ndi mimba, ngati buledi wofufuma. Ine ndinayesa ndi mmene analipangira. Ndinakwera pa mpando nkuliika pa malata a bafa, dzuwa la Okotobala likuswa mtengo. Ndinkati mlamu akabwera apeze zinthu zili bwino, andiyamike.

Cha m'ma thuu koloko ndinapita kukalitenga. Sindinathe kuligwira ndi dzanja, ndinachita kulikulunga m'chitenje. Mimba ija inali itakula, ndipo m'mbali, pamene mapulasitiki awiri amakumana, munali mutayasama. Nditayesa kulibwezera linakana kulowa. Mlamu anandipeza ndili chogwada pasimenti, nditalitsamira ndi chigongono.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikukonza."

"Mukukonza kapena mukukanda mandasi?"

Mayi wa pa mpopi uja anasuzumira pakhomo. "Likhomeni pang'ono ndi mwala. Kapena muliboole ndi singano mpweyawo utuluke."

Singano ndinali nayo pamutu pomwe, m'duku. Chimene chinandiletsa ndi fungo. Linali lotsekemera koma lolasa m'mphuno, ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Mlamu ananunkhiza kamodzi, ananyamula mwana amene anali atakwawira pafupi, nkuthamanga kukaitana bambo wina wokonza mawailesi ndi makompyuta pa msika.

Bamboyo atafika sanakhale nkomwe pa mpando. Anaima pakhomo.

"Zulani chaja ku soketi. Ana onse panja. Ndani analiika padzuwa?"

Mayi uja anali atasowa kale.

"Ndine," ndinatero.

"Mayi, a wailesi aja ndi ena, awa ndi ena. Ili likakalamba limapanga mpweya m'kati, ndiye kutupaku. Mukalitenthetsa, mukalifinya, mukaliboola, limayaka lokha, ndipo moto wake sumva kukupiza ndi chitenje."

Anandituma mphika wachitsulo ndi mchenga wouma. Ndinapereka mphika wanga wa nyemba. Analinyamula ndi fosholo, pang'onopang'ono, nkuliika mumchengamo, ndipo mphikawo anakausiya kuseri pamthunzi, kutali ndi makala ndi mpanda waudzu. Kenako anatiphunzitsa, ndipo ndimakumbukirabe chifukwa ankalankhula akundiyang'ana ine.

Anati batire longotha mphamvu, limene likuzimitsa makina msanga koma lili lophwatalala bwinobwino, losanunkha, losatentha mopitirira, limangofuna kusintha. Koma laputopu ikayamba kugwedera patebulo losalala, kapena msoko ukayasama, kapena podina pakalimba, uizimitse, usaitchajenso, batire lichoke. Ukamva fungo lija, kapena kulira kwa sii, kapena likutentha lili chikhalire, usaligwirenso ndi manja ndipo usaweramirepo nkhope. Kuona ndi maso ndi kumva ndi mphuno nkokwanira, osachita kulidina kuti utsimikize.

"Inayamba liti kugwedera?"

Ndinamuonetsa makatoni anga awiri. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Ine sindinaseke. Anati tikanamuitana tsiku la katoni koyamba, akanakhala ndi mwezi wofunsira batire lina kwa anzake a m'tauni. Tsopano la mtundu umenewo silikanapezeka pofika Lachisanu.

"Makinawa agwira ntchito opanda batire, pa chaja pokha," anauza mlamu. "Koma magetsi akangophethira, yazima pomwepo. Muziseva pafupipafupi, ndipo muzikopera pa fulashi."

Mlamu anati fulashi yake inali kwa mnzake wa ku Kawale, akaitenga mawa.

Lachitatu sanapite ku Kawale. Anati nthawi yachepa, ayambe wamaliza mutu womaliza. Anakhala patebulo kuyambira m'mawa, ine ndikuletsa aliyense kuyandikira chingwe. Mwana ndinamubereka tsiku lonse kuti asachikoke. Mlamu ankaseva mphindi zilizonse monga anauzidwira. Cha m'ma folo, atangodina kuti aseve, magetsi anathima, wailesi ya kwa aneba inakhala chete, ndipo galasi la laputopu linada.

Magetsi anabwera m'mawa wa Lachinayi. Laputopu inayaka bwinobwino, koma lipoti linakana kutseguka. Bambo uja analimbana nalo mpaka masana, nkutulutsa timizere ta zilembo zosawerengeka. Anati magetsi anathima makina ali pakati polemba, ndiye fayilo inaduka. Mlamu anakatenga fulashi ija ku Kawale, koma panali lipoti la masabata atatu m'mbuyo, mitu itatu mwa isanu.

Mlamu sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anangosonkhanitsa mapepala ake a pamanja nkuyambanso kutayipa. Ine ndinkamuwerengera manambala a m'mapepala akewo, poti manambala ndimawatha. Lachisanu linafika ali pakati pa mutu wachinayi. Anapita kusukulu kukapempha, ndipo anamuuza kuti alandira Lachitatu lotsatira, koma amuchotsera mamalikisi a kuchedwa.

Mayi uja tinakumananso pa mpopi. Anati, "Komatu a wailesi amadzuka, aneba." Ndinangotsegula madzi kwambiri.

Batire bamboyo anadzalitenga ndi mphika womwe, anati si lotaya kudzala kumene ana amasewera ndiponso anthu amatenthako zinyalala. Tinataya batire limodzi, mitu iwiri ya lipoti, masiku asanu, mamalikisi amene mlamu sanandiuze kuchuluka kwake, chitenje chimene fungo lija linakana kuchoka, ndi mphika wanga wa nyemba.