Wothyola Tiyi Mzere Wachiwiri

Mayi Marjory Muhiwa anabadwira m'malayini a pa esiteti ya tiyi, kumunsi kwa phiri, cha kufupi ndi Limbuli. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambique, ndipo m'nyumba mwawo ankayankhula Chilomwe. Sukulu anailekezera Sitandade 6. Anakwatiwa ndi a Alufeyo, omwe ankayendetsa thirakitala pa esitetipo, nabereka ana atatu. Bambowo atamwalira, iwo anapitiriza ntchito yomwe anaiyamba ali mtsikana, yothyola tiyi, dengu lili kumsana.

Anzawo ankawadziwa ngati munthu wolota ali maso. Manja ankathyola okha, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, koma maso ankakhala ali kuphiri komwe mitambo imatsetsereka ngati ikufuna pogona. Akaweruka ankalemba timasewero m'kope, ndipo amayi a kumpingo ankatisewera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka.

M'chaka cha 2021, mwana wa mlongo wawo, Sheila, anabwerera kumudzi kuchokera ku Blantyre. Anali mayi wa zaka makumi atatu ndi mphambu zinayi, ndipo ntchito yake inali yojambula kanema wa maukwati ndi zinkhoswe. Tsiku lina anapeza kope lija pa mpando naliwerenga lonse.

"Azakhali, zimenezi zikungothera m'tchalitchi?" anafunsa Sheila. "Ndilembereni nkhani ya kanema yoopsa, yaifupi, ya mphindi zisanu ndi imodzi. Anthu amakonda zoopsa pa foni."

A Marjory analemba. Inali nkhani ya mfiti yodya anthu, ndipo anaikamo zonse zomwe ankaganiza kuti n'zoopsa: chikwanje, magazi, kukuwa. Magaziwo anawapanga ndi utoto wofiira wa mufilizesi, mfitiyo anaipaka makala ndi ufa kumaso. Sheila ataijambula, anakaionetsa Loweruka masana m'nyumba yoonetsera kanema pa Limbuli. Mfiti itangotulukira, munthu wina kumbuyo anafuula kuti, "Si a Pilato okonza njinga aja amenewo!" Nyumba yonse inafa ndi phwete. Magazi atatuluka wina anafunsa ngati akugulitsa. A Marjory anatuluka kanemayo asanathe, ndipo kwa miyezi isanu sanagwirenso kope.

Mwezi wa Juni chiperoni chinafika. Nyengo imeneyo tiyi samera kwambiri, othyola amakhala ochepa, ndipo amatalikirana m'munda. M'mawa wina chifunga chinatsika mpaka munthu osaona mapeto a dzanja lake. A Marjory ankathyola mzere wawo, mvula yawaza pang'onopang'ono, dziko lonse lili mbuu ngati mkati mwa thonje. Kumanja kwawo, mzere woyandikana nawo, ankamva wina akuthyola: thyo, thyo, thyo. Anadziwa kuti ndi mnzawo Esteri, yemwe ankakonda kugwira pafupi nawo, ndipo anayamba kumucheza za mwana wawo wa ku Thuchila yemwe anali woyembekezera. Sanayankhidwe, koma sanadabwe, poti Esteri sakonda kuyankhula kukazizira.

Anaima kuti awongole msana. Kuthyola kuja kunamveka kamodzi, kenako kunasiya. Anayambanso, nako kunayamba. Anaimanso dala. Thyo, kamodzi, ndi zii.

Sanatembenuke. Anamaliza mzere wawo khosi lili gwa, napita ku sikelo. Kumeneko kapitawo anawauza kuti Esteri sanabwere, wagona ndi malungo.

Mpaka lero a Marjory sanena kuti chinali chiyani. Mwina anali wothyola wina amene anasochera mzere. Mwina linali phokoso la manja awo omwe likubwerera kuchokera pa mitengo yotchinga mphepo. Chomwe anazindikira pobwerera kunyumba n'chakuti m'moyo wawo wonse anali asanaopepo chotero, chonsecho sanaone kanthu kalikonse.

Analemba masamba atatu okha napita nawo kwa Sheila.

Sheila anawerenga, natembenuza pepala lomaliza kuti aone ngati kuseri kuli zina. "Nanga chinthucho chikutulukira pati?"

"Sichitulukira."

"Azakhali, anthu adzati tawanamiza. Tionetseko ngakhale dzanja lokha."

"Ukaonetsa dzanja, adzayamba kufunsana kuti ndi la ndani," anatero a Marjory. "Munthu aliyense ali ndi chake chimene amaopa. Ukamusiyira malo, abweretsa yekha. Cha Pilato n'cha Pilato basi."

Anakangana masiku awiri. Chomwe chinamugonjetsa Sheila chinali mzere umodzi wa m'kopemo, pomwe a Marjory analemba kuti: "Mayiyo aoneke kumbali. Kumbuyo kwa phewa lake kukhale malo aakulu opanda kanthu." Sheila, yemwe pa maukwati anazolowera kuika mkwatibwi pakatikati, anayesa pakhonde pomwepo. Anawaimika azakhali akewo kumapeto kwa chithunzi, mbali yotsalayo nkukhala khomo lotseguka. Atayang'ana pa kamera anapeza kuti maso ake sakukhala pa azakhaliwo. Akungothamangira pakhomopo, kudikira kuti palowe wina.

"Eee," anatero Sheila motsitsa mawu. "Chabwino."

Anapempha chilolezo kwa mwini kamunda ka tiyi ka kumudzi, nadikira chifunga masabata awiri. Lamulungu la sabata yachitatu chinabwera atangotuluka m'tchalitchi. Esteri, yemwe anali atachira, anavomera kusewera, koma anayamba wafunsa ngati adzamupaka makala. Atamva kuti ayi, ntchito yake ndi kuthyola tiyi basi, anati imeneyo ndiye aidziwa.

Anajambula mosathamanga. Poyamba Sheila anaimira patali, Esteri akuoneka kachinthu kakang'ono pakati pa mizere yobiriwira yomwe inkasungunukira m'chifunga. A Marjory anafuna zimenezi kuti woonera atsimikize ndi maso ake kuti mayiyo ali yekha. Kenako kamera inayandikira pang'onopang'ono, mpaka inatsala nkhope ndi phewa, ndi malo oyera aja kumbuyo kwake. Kuyandikirako kunkamulanda woonera mpata woona zomwe zili m'mbali.

Vuto linadza pa mawu. Atamvetsera zomwe kamera inatola, inali mphepo yokhayokha, ndi tambala wa kumudzi, ndi njinga yamoto ikudutsa kumsewu. Sheila anati achotse mawu onsewo, apange ena. Anatsekera m'chipinda cha a Marjory masana, natchinga zenera ndi khomo ndi mabulangete kuti mawu asamalire m'makoma. A Marjory anakhala pa mphasa ndi mtolo wa nsonga za tiyi zaziwisi, akuthyola pafupi ndi foni, maso ali pa kanema kuti agwirizane ndi manja a Esteri. Atamaliza anathyolanso kachiwiri, ulendo uno atatalikira pang'ono ndi foni, mochedwerapo ndi molemerapo. Ameneyo ndiye anali wothyola wa mzere wachiwiri.

Sheila anafuna kuikamo nyimbo yoopsa. A Marjory anakana, nati nyimbo imamuuziratu munthu kuti konzeka. M'malo mwake anaika kulira kwa mbalame ndi kudontha kwa madzi pa masamba, motsika kwambiri, kuyambira pachiyambi. Mayi uja akaima koyamba, kuthyola kwinako kumamveka kamodzi nkusiya. Akaima kachiwiri, chimodzimodzi, koma pafupi. Pofika apa woonera waphunzira kale dongosolo lake ndipo akuwerengera yekha. Akaima kachitatu, Sheila anadula mbalame zija ndi madzi omwe, nkusiya mpweya wa Esteri wokha. Kuthyola kuja osamveka.

"Tidikire nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Sheila.

A Marjory anatsinzina, nabwerera m'munda muja m'maganizo, nawerenga. Anafika pa zisanu ndi zinayi.

Pakatha masekondi asanu ndi anayi amenewo, m'kanemamo mumamveka kaphokoso kakang'ono ka masamba akugwera m'dengu lomwe lili kumsana kwa mayiyo, manja ake onse awiri ali poonekera, ali phee pamwamba pa tiyi. Dengulo silioneka, lili kunja kwa chithunzi. Chimaoneka ndi lamba wa pa phewa lake akukokeka pang'ono. Mayiyo amayamba kutembenuza mutu, ndipo asanamalize, chithunzi chimada.

Anakaonetsa kanemayo m'nyumba yomwe ija ya pa Limbuli. Anthu anadzaza, ambiri atabwerera kudzaseka. Mphindi yoyamba ankayankhula, wina akuitana Esteri ndi dzina. Kuthyola kwachiwiri kutayamba, mawu anachepa. Pa masekondi asanu ndi anayi aja, a Marjory, omwe anaima pafupi ndi khomo, anamva malata akulira ndi dzuwa. Anaona mayi wina wa pa benchi yakutsogolo akuyang'ana kumbuyo kwa phewa lake.

Chithunzi chitada panalibe woomba m'manja. Bambo wina wa kabaza anaimirira ali wokwiya.

"Mayi, mwatidula pakati! Chinali chiyani?"

"Inu mwaona chiyani, bambo?"

"Sindinaone kanthu!"

"Nanga mwatuluka thukuta bwanji?"

Apa ndiye anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene waoloka mtsinje wodzaza. Panja anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Wina ankati ndi mzimu wa wothyola amene anafera m'munda. Mayi wina anaumirira kuti ndi mwamuna wake wa mayiyo, akumuthandiza ntchito, ndipo ponena zimenezi misozi inalengeza m'maso mwake. Bambo wa kabaza uja analumbira kuti anaona mthunzi m'chifungamo, ndipo Sheila anamubwezera kanemayo katatu pa foni osaupeza.

Kanemayo anayenda m'mafoni mpaka ku Thuchila ndi ku Muloza. Sabata yotsatira kapitawo anabwera kwa a Marjory akudandaula kuti chifunga chikatsika, amayi akukana kutalikirana, akumathyola awiriawiri mapewa atagundana. Sanadziwe kuti awadzudzule kapena awayamikire, ndiye anangowapempha kuti amutumizire naye kanemayo.

A Marjory akuthyolabe tiyi, ngakhale mawondo ayamba kuvuta pa zitunda. Mdzukulu wa ku Thuchila anabadwa wamkazi, ndipo anamutcha Annette. Masiku ano a Marjory akulemba nkhani ina, ya bambo wa kabaza amene akubwerera ku Limbuli masana dzuwa likuswa mtengo, wopanda wokwera, koma njinga ikulemera pa chitunda chilichonse. Auza kale Sheila kuti kamera idzakhale kutsogolo kwa hendulo, ikuona nkhope ya wopalasa yokha. Sanapezebe mawu a kaliyala ikalemedwa. Loweruka lililonse amakhala pa chitsa pafupi ndi pomwe a Pilato amakonzera njinga, maso atatsinzina, kumvetsera njinga zikudutsa. Anthu odutsa amayesa akugona, ndipo amawalambalala mwakachetechete.