Tenti Yoyera Inadontha Pakati

Pashedi yobwereketsa matenti ija aliyense ankawatchula kuti Achemwali, ngakhale madalaivala a malole amene ankawaposa zaka. Dzinali linachokera kwa mwini shediyo, amene anali mlongo wawo wamng'ono, ndipo linawakanirira mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Iwo ankamuitana kuti Mzime akakhala awiri, poti anali wotsiriza kubadwa, koma pamaso pa makasitomala ankati "bwana", milomo ataipotoza pang'ono.

Ntchito yosoka malona anaiphunzira kwa bambo awo. Bambowo atamwalira anawasiyira makina olemera ngati ng'ombe, singano zokhota, ndi kamwana kamamina komwe kankalira kakangoona mbale yopanda kanthu. Kamwanako anakalera ndi singano zomwezo. Banja anakalawako, koma mwamunayo sanapirire fungo la phula, ndipo mwana sanawasiyire. Mzime atakula anapezeka kuti ali ndi pakamwa potsekemera, munthu woti angakugulitse ambulera dzuwa likuswa mtengo. Ndiye anagawana ntchito: iye kutsogolo ndi foni, iwo kumbuyo ndi chinsalu. Chikwangwani chinalembedwa m'dzina la Mzime, ndipo Achemwali sanadandaule. Iwo chawo chinali chimodzi, mawu amene anthu ankauzana pokonza ukwati kapena maliro, akuti tenti ya Achemwali siidontha. Munthu wopanda nyumba yakeyake, wopanda mwana, mawu amenewo ndiwo anali chuma chake chonse.

Tenti akamaliza kusoka ankaipaka phula losungunula, kuisiya iume, kenako n'kuiwaza madzi a m'kapu. Madziwo akamangana timibulu tonga mikanda n'kugubuduka, ankagwedeza mutu n'kupita kukamwa tiyi. Wantchito aliyense watsopano ankamufotokozera zomwezo, kufuna asafune. Ankamutuma tsamba la kabichi, n'kudonthezapo madzi. Ankati madzi ndi odzikonda, amakokana okhaokha, ndipo pamwamba pawo pamakhala ngati pali kakhungu. Akagwera pamalo a phula, ngati tsamba ilo, sapeza chogwira, ndiye amadzikunga n'kukhala kampira. Chinsalu cha tenti chili ndi timabowo tambirimbiri, ukachiyang'anitsa padzuwa umationa, koma ulusi ukakhala ndi phula kakhungu kaja kamangoyala pamwamba pa kabowo osalowa. Akatero ankakhudza sopo ndi nsonga ya chala n'kugunda dontho lija. Pompo linkaphwa n'kuyanzika patsambapo. Sopo, ankatero, amafooketsa kukokana kuja kuti madzi alowe paliponse, n'chifukwa chake amachapa bwino malaya, n'chifukwa chakenso ndi mdani wa tenti. Lamulo linali loti tenti ikada, burashi ndi madzi okha basi. Mzime ulaliki umenewu anaumva kuyambira ali ndi kabudula wong'ambika, moti ankatha kuunena motsanzira mawu awo antchito n'kumafa nazo.

Chaka chimene ndikunenachi, diso lakumanzere la Achemwali linachita ng'ala, ndipo adokotala anawapatsa tsiku lokalipala. Sabata yomweyo kunali ukwati wa mwana wa mayi wina mwini sitolo yaikulu ya mipando, munthu amene akakuyamikira tawuni yonse imamva, akakunyoza imamvanso. Mayiyo anafuna tenti yoyera, yaikulu kuposa onse apashedipo. Achemwali asanapite kuchipatala anaiyendera msoko uliwonse ndi chala, anaiwaza madzi, n'kuona mikanda ikugubuduka. Inali ndi mawanga a fumbi ndi zitosi za mbalame chapadenga, koma anati alendo sabwera kudzadya denga.

Tsiku laukwati iwo anali kunyumba, diso lili ndi bandeji. Mvula inagwa masana, osati yoopsa, yongowaza koma yosaleka msanga. Anaimvera pamalata mtima uli m'malo.

Nkhani inawapeza m'mawa mwake kudzera kwa mlamu wawo, mkazi wa Mzime, amene anabwera ndi nkhope ya pamaliro. Akuti tenti inayamba ndi kuchita mawanga akuda, kenako inkangosefa madzi ngati sefa. Keke inanyowa, tsitsi la mkwatibwi linagwa, azibambo a masuti anathawira m'magalimoto. Mlamuyo anawasisita paphewa n'kunena kuti asadziimbe mlandu, ukalamba sitiuitana. Achemwali anafunsa kuti ukalamba walowa bwanji m'nkhaniyi. Apo m'pamene anamva kuti Mzime, atapanikizidwa ndi mayi wa mipando pamaso pa anthu, ananena kuti achemwali ake maso anatha, misoko akumangoilumphalumpha, ndipo iye wakhala akuwasunga pantchito chifukwa cha chisoni chabe.

Anavala nsapato n'kupita kushedi ndi diso limodzi lomwelo. Tenti anaipeza itayanikidwa pabwalo, yoyera mbuu, yoyera kuposa tsiku limene anaisoka. Anayamba ndi misoko, poti mwina Mzime ananena zoona, ndipo anaikoka umodziumodzi. Yonse inali gwa. Anatunga madzi n'kuwaza pakati pa chinsalu, kutali ndi msoko uliwonse. Palibe mkanda ndi umodzi womwe. Madzi anangoyanzika, chinsalu chinada n'kuwameza. Anatikita ndi chikhatho, ndipo pakati pa zala panatuluka kathovu koterera. Kuseri kwa thanki anapeza mapaketi a sopo waufa, opanda kanthu, atawapondereza ndi njerwa.

Mzime anamupeza muofesi akudya mabisiketi. Anatseka chitseko kuti antchito asamve, chifukwa ngakhale pamenepo ankamusungirabe ulemu.

"Mzime, tenti ija wachapa ndi sopo ndani?"

Iye sanakane n'komwe, ndipo chimenecho chinawapweteka kuposa bodza. Anati mayi aja anabwera kudzaiona, anaona mawanga n'kunena kuti akapeza ina kwina. Anati kumwamba kunali kopanda mtambo sabata yonse, ndiye anauza antchito aikwecheko ndi sopo, n'kuitsukuluza kamodzi, poganiza kuti aipakanso phula ukwati ukatha.

"Unkadziwa chimene sopo amachita."

"Ndinkadziwa, achemwali. Ndinangoti mvula siigwa."

"Nanga maso anga alowapo bwanji?"

Mzime anapukuta nyenyeswa patebulo, osawayang'ana. "Ndikanati ndine, shedi ino ikanatsekedwa lero. Inu ndinu aakulu, anthu akumverani chisoni n'kuiwala. Ine sangandikhululukire. Ganizirani ana anga."

Ana akewo Achemwali anawasambitsapo onse, ndipo wamkulu anali atangoyamba kumene kukoleji. Mzime ankadziwa bwino pamene akugwira. Anawapempha zinthu ziwiri: apite naye kwa mayi wa mipando akapepese, kenako kwa kanthawi azigwira ntchito kumbuyo kokha, asamaonekere kutsogolo mpaka fumbi litakhazikika.

Ine amene ndikusimba nkhaniyi ndikanaswa kapu pamutu pake. Achemwali sanatero. Anapita kusitolo ya mipando, anakhala pansonga pa sofa wokutidwa ndi pulasitiki, manja ali pamaondo, n'kupepesa misoko imene sinalakwe. Kapu imodzi ya madzi ikanawayeretsa pamaso pa mayiyo, ndipo ankadziwa zimenezo nthawi yonse imene ankalankhula. Mayiyo anawayang'ana bandeji ija n'kuwalangiza mokoma mtima kuti munthu azidziwa nthawi yopuma. Pobwerera Mzime anawagulira botolo la zakumwa, iwo analisiya pampando wa galimoto losatsegula.

Kenako anayamba kuchiza tenti. Sopo sachoka msanga m'chinsalu chokhuthala. Amabisala muulusi, ndipo mvula ikangomunyowetsa amadzukanso n'kutsegulira madzi njira. Kupaka phula pamwamba pake n'kutaya nthawi. Ndiye anaitsukuluza ndi payipi, kuiyanika, kuitsukuluzanso, mpaka madzi otsika anasiya kuterera m'manja. Msana unawawa, diso lopalidwa lija linkatuluka misozi ndi dzuwa. Madalaivala amene kale ankalowa mpaka kumbuyo kudzawasiyira malona ong'ambika anasiya kubwera, ndipo anamva kuti akumapita kwa wosoka wina kuseri kwa msika. Iwo ankadzilimbitsa mtima kuti tenti ikadzachira anthu adzaona okha, ndipo Mzime adzapeza mawu obwezera dzina lawo pamalo pake. Pakamwa pake pankatha zinthu zovuta kuposa zimenezo.

Itauma bwinobwino anaipachika pamtanda wa denga mkati mwa shedi, n'kuipaka phula mbali ndi mbali. M'mawa wina ali kuseri kwake, akumalizitsa m'mphepete ndi burashi, anamva Mzime akulowa ndi alendo awiri, bambo ndi mayi ofuna tenti ya chinkhoswe. Chinsalu chinali pakati, iwo uku alendo uko. Bamboyo ananena mosabisa kuti anamva zimene zinachitika paukwati uja. Mzime anaseka, anaitanitsa kapu ya madzi n'kuwaza patentiyo. Achemwali anamva timadontho tikugunda chinsalu pafupi ndi nkhope yawo n'kugubudukira pansi, ndipo mbali yawo inakhala youma. Mayiyo anachita kuomba m'manja.

"Mwaona?" anatero Mzime. "Vuto lija tinathana nalo. Amene ankationongera uja tinamupumitsa, ali kunyumba. Iyi ndi ntchito ya katswiri watsopano."

Bamboyo anati zinali bwino kutero, chibale n'chibale koma ntchito ndi ntchito. Anafunsa ngati angamuone katswiriyo, ndipo Mzime anati watuluka pang'ono.

Achemwali anaima chilili, burashi ili m'manja. Phula linayamba kutsetsereka pachigwiriro kupita kudzanja, lotentha ndithu, koma sanasunthe. Kukhosi kunawakereketa ndi fungo lake, chifuwa chikufuna kutuluka. Kutsokomola kumodzi kokha kukanakwanira. Anadzipeza atatseka pakamwa ndi chikhatho, atagwira mpweya, mapazi atawabweza m'mbuyo kuti nsapato zisaonekere pansi pa chinsalu, mpaka alendo aja anamaliza kusankha tsiku n'kutuluka.