Mwana wanga wa masiku anayi m'pepala la kalembera

Kalembera woyamba nkhondo itatha anatipeza titabwerera kale ku Zóbuè kuchokera ku Malawi, titakolola kangapo m'munda wa makolo. Ana anga amoyo anali anayi, koma mimba yanga inatulutsa asanu. Wachiwiri, wamwamuna, anabadwira mumsasa wa othawa nkhondo cha ku Mwanza. Analira bwinobwino, anayamwa, ndipo tsiku lachinayi Mulungu anamutenga mchombo usanagwe. Kwathu khanda lotere silipatsidwa dzina, sililiridwa mokweza, amakaliika ndi azimayi okhaokha, akabwerako nkhani yatha. Amayi anga anandiuza nthawi yomweyo kuti, "Usadzamutchulenso, ungatseke njira ya anzake." Ndinamvera zaka zonsezo, ngakhale kuti popemphera ndinkamutchula chamumtima.

Wolemba anthu anafika m'nyengo ya mphepo, fumbi lili kobo. Anali mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Moatize, amene tinkangowatcha apulofesola, ndipo masiku a kalembera ankagona kusukulu ya m'mudzi mwathu. Chinyanja chawo chinkanunkhira Chinyungwe. "Muli tani, mai?" anatero, akuchotsa nsapato kuti akhale pamphasa.

Abambo a kunyumba anakokera mpando pafupi, kuti mutu wa banja ndiwo, ayankha zonse. Mayina ndi zaka anayankha bwino. Atafunsidwa za ana anga, anati asanu ndi mmodzi, chifukwa anaphatikiza awiri a malemu mkulu wanga amene tinkalera.

"Awiriwo ndawalemba kale ngati anthu a pakhomo pano," anatero apulofesola. "Funso ili ndi la mimba, bambo. Inu munatengapo mimba zingati?"

Tinaseka tonse, ngakhale amayi anga amene ankasola nyemba pambali pa nkhokwe.

Pa za kuwerenga, abambowo anafulumiranso. "Awa lembani kuti ayi. Chipwitikizi sachidziwa."

"Sindinafunse Chipwitikizi. Mai, mumatha kuwerenga ndi kulemba m'chinenero chilichonse?"

Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma Baibulo la Chinyanja ndimawerenga, ndipo makalata a azimayi a mumsasa ndinkalemba ndine. Anandilemba kuti ndimatha. Eni Chipwitikiziwo, amene anachitolera pakamwa ku migodi ya malasha, zinapezeka kuti amangodziwa kusaina dzina. "Olemba a pakhomo panu ndi awa, muziwasunga bwino," anatero apulofesola. Abambo anangokanda kumutu nati cholembera chimawapweteka chala.

Kenaka anatembenukira kwa ine, mawu atatsitsa. "Ana amene munabereka amoyo ndi angati?"

Amayi anatsokomola ku nkhokwe kuja.

"Anayi."

"Palibe amene anabadwa n'kulira, kapena kungopuma pang'ono, kenaka n'kutisiya?"

"Palibe."

Analemba, anathokoza, napita khomo lina. Kukhala chete ndinali nditazolowera, koma apa ndinali nditamukana mwana wanga ndi pakamwa panga, ndipo kukanako kunalembedwa papepala.

M'mawa mwake, titatuluka ku mapemphero, sindinalunjike kunyumba. Ndinakhotera kusukulu. Ndinawapeza apulofesola akusanja mapepala pabenchi, atawatsendereza ndi mwala chifukwa cha mphepo. Ndinagwada pakhomo n'kunena kuti dzulo ndinanama. Koma ndinafunsanso ngati mwana wotere amawerengedwa, popeza analibe dzina, sanabatizidwe, ndiponso anabadwira dziko la eni.

"Analira?"

"Analira, mpaka oyandikana nawo anadandaula."

"Ndiye ndi munthu wobadwa wamoyo. Kumene anabadwira kulibe kanthu, timamulemba pa mayi ake, ndipo mayi ake muli pano. Akanabadwa atafa kale, funso ili silikanamukhudza."

Anandikhazika pabenchi ya ana a sukulu, mawondo ali m'mwamba, n'kundifotokozera. Anati mabuku a kuchipatala amangodziwa obadwira kuchipatala, a kutchalitchi amangodziwa obatizidwa, ndipo a kuboma amadziwa okhawo amene makolo anapita kukawalembetsa. Ife a kumapiri, amene ambiri tinachirira m'nyumba kapena kuthengo pothawa, m'mabuku amenewo mulibemo. N'chifukwa chake amayenda khomo ndi khomo. Mapepala akasonkhanitsidwa amapita ku Tete, kenaka ku Maputo, kumene amaika pamodzi mayankho a azimayi a msinkhu umodzi, n'kuona ana amene anabadwa ndi amene akadali moyo. Akaphatikiza ndi maliro amene mabanja anena, amapeza zaka zimene khanda lobadwa m'chigawo chilichonse lingayembekezere kukhala ndi moyo, komanso kuti mayi mmodzi amabereka ana angati. Za odziwa kuwerenga nazonso zimatuluka m'mapepala omwewo, Tete payekha, Sofala payekha, Maputo payekha.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti boma limadziwa chaka chimene munthu adzafe. Ndinawauza kuti ku Malawi ndinamvapo pa wailesi za zaka zoyembekezeka zimenezi, ndipo abambo a kunyumba anakwiya nazo, nati iwo atsala pang'ono kuzikwanitsa koma khasu akuligwirabe.

Apulofesola anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Auzeni alime, asadandaule. Si malire a munthu. Zili ngati kuthira zaka za anthu onse mudengu limodzi n'kugawana mofanana. Amayi anu athiramo zambiri, khanda lanu lathiramo masiku anayi. Makanda otere akachuluka, gawo la aliyense limachepa. Tsono mayi aliyense akabisa wake, pepala lidzanena kuti kuno ana safa, kuno azimayi sabereka kwambiri. Wogawa anamwino ndi zipatala akadzaliwerenga, adzaona ngati kuno kulibe vuto."

Sanandilonjeze chipatala, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Anangoti chiwerengero chikakhala choona, wopempha amakhala ndi poyambira.

Anafufuza pepala la nyumba yathu, anatenga chofufutira, nafufuta pamene panali anayi. Analemba kuti obadwa amoyo asanu, amene ali moyo lero anayi. Anandionetsa kuti ndiwerenge ndekha, popeza ndimatha. Dzina silinafunikire. Ndinayang'ana nambala ija nthawi yaitali, misozi ikugwera pachitenje, ndipo ndinayamika Mulungu kuti mwana amene manda ake sindingawalozenso wapeza pokhala. Apulofesola anandisiya ndilire, kenaka anandipempha kuti ndikapita kumjigo ndikanong'oneze azimayi a makomo amene anali asanafikeko. Ndinatero. Ena anandiyang'ana ngati ndapenga, koma awiri anandigwira dzanja.

Chimene ndinkaopa chinali kunyumba. Ndinawapeza amayi akupeta nyemba zija. Ndinakhala pansi chapatali n'kuwauza zonse, kuti ndamutchula ndipo walembedwa. Lichero linaima. Ndinadikira mawu aukali, chifukwa amayi anga sankabweza lamulo lawo.

Anatola kamwala m'nyembamo, nakataya kutali.

"Ndiye aboma amenewo," anatero, "akufunsa ndi ife okalamba?"

Ndinati apulofesola anandiuza kuti funso la ana limathera pa azimayi amene sanapitirire msinkhu wobereka.

"Aa, achita mwayi. Pepala lawolo likanadzaza." Anapetanso kawiri, katatu, osandiyang'ana. "Anga anali atatu otere. Iwe unabwera pambuyo pa wachiwiri."

Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinasendera pafupi n'kuyamba kuwathandiza kutola zinyalala.

"Wako uja," anatero amayi, "anali ndi tsitsi lambiri. Ndinamusambitsa ndine. Zala zake zinali zazitali ngati za agogo ako aamuna."

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linatentha, iwo akunena za atatu awo mmodzimmodzi, ine ndikufunsa.