Zimene tinayala pamkeka

Amalume anga amakhala ku Balaka, ndipo akatumiza uthenga woti akubwera kumudzi Loweruka, umadziwiratu kuti sakudzamwa tiyi. Ndiwo eni mbumba kwathu kwa Mposa chimwalirire amayi, moti nkhani ya munda ikavuta ndi iwo amene amaidula.

Chaka chimenecho amuna anga anagwa ndi njinga yakabaza potsetsereka ku Ntaja, atanyamula matumba a chinangwa, mwendo n'kuthyoka. Chakudza sichiimba ng'oma. Anabwera kuchipatala ndi chikhakha mpaka m'ntchafu, nagona pakhonde ngati thumba la madeya, ntchito yawo kuthamangitsa nkhuku ndi pakamwa. Pamenepo n'kuti dzuwa la Okutobala likuotcha mpaka m'mafupa, anthu akupanga mizere.

Minda tili nayo iwiri, yonse ya amayi anga: wakumtunda kuseri kwa nyumba, ndi wakumunsi umene umatsikira kukhwawa. Alangizi anayeza yonse ndi foni yawo, uliwonse ekala imodzi. Tsono ndili ndi mchemwali wanga, mwana wa amayi aang'ono, amene mwamuna wake anali ataponya kale diso pa munda wakumunsiwo. Mlamu wangayo ndiye anaimbira foni amalume kuti ine sindingathe maekala awiri ndekha, feteleza ndilibe, munda ungogona thengo, bwanji amubwereke chaka chimodzi. Chaka chimodzi! Ndani kuno sadziwa kubwereka munda? Chaka choyamba amabzala chimanga, chachiwiri nthochi m'malire, chachitatu mango, kenako ana ake amakula akunena kuti ndi kwawo. Nditamva ndinapsa mtima mpaka ndiwo ndinathira mchere kawiri.

Amuna anga anali ndi nzeru zawo zapakhonde.

“Amake mwana, pitani kwa achimwene uko mukabwereke matumba awiri a feteleza. Tingowaimika apa tsiku limodzi, amalume aone, akapita tibweza.”

“Iyayi,” ndinatero. “Akachoka amalume, mvula nayo mudzainamiza?”

M'malo mwake ndinawapatsa katoni ya sopo yong'amba ndi cholembera cha mwana. Ndinati poti miyendo yakana, manja agwire ntchito. Ine ndinkatulutsa zinthu m'nyumba n'kumayala pamkeka, iwo akulemba mbali ziwiri: zimene munda ukufuna, ndi zimene tili nazo.

Munda wakumtunda sunativute. Ekala ya chimanga, pobzala njere imodzi paphando, imadya makilogalamu khumi a mbewu, ndipo tinali ndi mapaketi awiri a makilogalamu asanu asanu osatsegula. Imafuna thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa. Onse awiri analipo, tinagula titagulitsa mbuzi ngozi isanachitike, ali pamwamba pa njerwa kuopa chinyezi. Feteleza wathu anathera pomwepo. Amuna anga anayamba kuti tingathe kumuwaza pang'onopang'ono kuti akwane minda yonse iwiri. Ndinawakumbutsa za chaka chimene tinachita zomwezo, chimanga n'kutuluka chachikasu ngati chadwala, zisononkho zonga chala. Anawerama n'kulemba.

Munda wakumunsi ndinali nditauganizira kale ndili ndekha. Theka mtedza, theka nandolo. Mbewu ziwirizi sizilira thumba la feteleza, ndipo zikachoka nthaka imatsala yanthanzi. Nandolo wa theka la ekala ndi makilogalamu atatu basi, ine ndinali ndi chigubu chodzaza, woposa pamenepo kawiri. Mtedza ndiwo umadya mbewu: theka la ekala limafuna ndowa yodzaza ya mtedza wosenda, ndiye kuti thumba lathunthu la wosasenda. Thumbalo ndinalipachika kudenga titangokolola.

Nditalitsitsa, linandipepukira m'manja. Ndinaliyang'ana, ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana nkhuku.

“Munthu wodwala amafuna kotafuna,” anatero motsitsa mawu.

Panali kabowo pakona, kakang'ono kokwana dzanja la munthu wamkulu wogwiritsa ndodo. Sindinganame, inenso ndinatapako kangapo ka nsinjiro, koma osati mpaka theka. Tinasenda wotsalawo ndi manja tsiku lonse, kuchotsa wonyala ndi wosweka, ndipo wabwino anafika pakati pa ndowa. Ndinawauza alembe momwemo: ikufunika ndowa, ilipo theka. Mtima unandiwawa kwambiri pamene ankalemba mzere umenewo, chifukwa ndinaona gawo la munda wa amayi likupita chifukwa cha kutafuna.

M'mawa mwake ndinamanga nandolo wotsala pansalu, n'kugwira tambala wamkulu amene amuna anga ankamukonda, ulendo kwa mayi wina wachiyao cha kunjira ya ku Ntaja, amene timagulitsa naye limodzi tomato pamsika. Iye amasunga mtedza ngati mankhwala. Anakweza tambala m'mwamba kumuyesa kulemera, natafuna njere ya nandolo kuti amve ngati wauma.

“Anganga,” anatero, monga amaitanira mnzake m'Chiyao, “tambalayu wakalamba, koma nandoloyu ndamufuna. Tengani theka la ndowa. Musakadye.”

“Wodya ndamusiya kunyumba, sangayende.”

Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Nditafika ndinafesa njere zingapo za mtedza wake ndi wanga m'beseni lobowoka, n'kumathirira, poti mmera mpoyamba. Pafupifupi zonse zinamera. Amuna anga anafufuta “theka” n'kulemba “yakwana”, koma chifukwa cha tambala uja sanandilankhule masiku angapo.

Zida zinali zosavuta: makasu atatu, limodzi logweduka mpini limene analikhoma okha ali chikhalire, chikwanje, chingwe choyezera mizere, kamtengo koyezera mapando, ndowa ziwiri, ndi tizitsekero ta mabotolo tothirira feteleza. Zonse zinalowa pakatoni.

Loweruka amalume anatsika kabaza dzuwa lili pamutu, atavala jekete ngati kuli chisanu. Mlamu wanga uja anabwera nawo, akuyenda pambuyo ngati sakudziwa nkhani. Titapatsana moni, amalume anazonda wodwala, namwa madzi, kenako anayamba.

“Mwana wanga, palibe akukulanda. Koma munda sugona pamene abale ako akusowa polima. Ndamva kuti chaka chino zinthu zakuthina.”

“Zandithina ndithu, amalume. Koma musanagamule, taonani kaye.”

Ndinayala mkeka pabwalo n'kutulutsa zonse monga tinachitira poyamba, za kumtunda mbali iyi, za kumunsi mbali iyo. Amalume si munthu womvera za m'kamwa. Ananyamula paketi iliyonse ya chimanga kuyang'ana ngati sinabooledwe. Anagwedeza matumba a feteleza ndi bondo kuti amve ngati sanaundane. Anapisa dzanja m'ndowa ya mtedza mpaka pansi, kuopa kuti mwina ndaika makoko kunsi. Apo ndinathokoza mumtima kuti sitinabwereke matumba a eni.

Mlamu wanga anatsokomola. “Feteleza ndi matumba awiri okha. Minda ndi iwiri.”

“Matumba awiriwo ndi a ekala yakumtunda,” ndinatero. “Kumunsi sikupita chimanga. Kapena kwanu mtedza mumauthira wobereketsa, alamu?”

Amalume anabisa kuseka m'chikhatho. Anatenga katoni ija kwa amuna anga, navala magalasi, nawerenga mzere ndi mzere, akuyang'ana pakatoni, akuyang'ana pamkeka. Ndinkaona kuti zikuwalowa. Ndinayamba kupuma bwino. Kenako analoza makasu ndi phazi.

“Mbewu yakwana, ndaona. Feteleza wakwana pamene wamuikapo. Makasu ndi atatu. Nanga olima ali kuti? Uyu wagona apa. Ana ako ndi a sukulu. Mvula yatsala pang'ono. Khasu silidzilimira lokha.”

Mlamu anagwedeza mutu ngati ndiye wanena. Amuna anga anazolika, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa mawu amenewo anawalasa iwo kuposa ine.

“Tiyeni kumunda,” ndinatero.

Ukaima panjira, munda wakumunsi umaoneka kamtunda kake kokha, kenako umatsetsereka n'kubisala. Kamtundako kanalidi ndi mapesi a chaka chatha ndi zitsamba zouma, ndipo ndi pamene mlamu wanga ankaona podutsa pa njinga. Ine ndinayambira kulima kukhwawa, kumene nthaka imafewa, n'kumakwera. Chigonere amuna anga, ndinkapita mbandakucha uliwonse kupatula Lamulungu, ndikaweruka kumunsi, madzulo ndinkagwira kumtunda.

Titadutsa mapesi aja, amalume anaima. Mizere inali ndondondo kuchokera pamapazi awo mpaka kukhwawa, yopingasa kutsetsereka, yoyezedwa ndi chingwe. Pakati ndinali nditazika mtengo wosonyeza pothera mtedza ndi poyambira nandolo. Chotsala chinali kachigawo ka m'mbali mwa njira komweko.

Amalume anayendetsa maso m'munda monse. Anatsika m'mizere ndi nsapato zawo za m'tauni, natola dothi, nalifikisa. Atabwerera anandigwira dzanja lamanja n'kulitembenuza. Linali lokhakhala ngati khungwa, matuza ena ataphulika, ena akuyamba kumene. Ndinafuna kulibweza chifukwa cha manyazi, koma ndinalisiya. Ndi langa, ndipo ndilo linachita zimenezo.

“Amako ankayambiranso kukhwawa,” anatero.

Zimenezo sindinkazidziwa. Misozi inabwera yokha, ine amene ndinakonzekera kukangana tsiku lonse.

Pobwerera mlamu wanga anakumbukira kuti ali ndi kwina kopita. Amalume anamuuza kuti nkhani ya polima pake adzaiona padera, asadandaule, koma osati pano. Titafika pakhonde anakhala pampando, natolanso katoni ija n'kuipereka kwa amuna anga.

“Akamwini, mwalemba bwino, koma mwasiya chinthu chimodzi.”

Amuna anga anayang'ana pamkeka mwamantha, kuwerenga makasu, ndowa, chingwe.

“Lembani pansi apo. Olima: pakufunika anthu awiri. Alipo mmodzi.” Anadikira kuti alembe. “Tsono kutsogoloko lembani kuti wakwana.”

Katoniyo inakhala yopanikizidwa kudenga mpaka chiswe chinaidya. Mvula itagwa ndinabzala chimanga kaye, kenako mtedza nthaka ikadali yonyowa, nandolo pambuyo. Amuna anga anatsika ndi ndodo mpaka pa mtengo wa pakati uja, nakhala pamzere atagwirizira ndowa ya mbewu pamiyendo, kumanditapira m'mbale. Ndinawayang'anitsitsa tsiku lonse, ndipo sanatafune ngakhale njere imodzi.