Nsima ya Mapira kwa Nankhoma

Esnath Nankhoma wa ku Kasinje anakwatiwa ndi Maynard, mwamuna amene anabwera ku migodi ya ku Joni ali ndi chifuwa komanso mkamwa moipa. Zaka makumi atatu Esnath ankamusankhira ndiwo mosamala. Nsima ya ufa woyera inkapita ndi nyemba, ya kondoole yomata ija ndi usipa wamsuzi, ya mapira yofiira ndi yokhakhala ndi therere kuti itsetsereke pakhosi. Maynard sanayamikepo. Tsiku lina Esnath atamuikira nkhwani wopanda nsinjiro, anakhuthulira mbale pansi alendo akuona.

"Tolani, Nankhoma. Mudye inuyo ngati galu."

Chaka chatha Maynard anafa ziwalo, kumeza kukuvuta. A kuchipatala anati azidya zofewa. Chimanga chinali chitapserera m'munda, m'nyumba munali mapira okha.

Esnath anaphika nsima yolimba, nakazinga usipa wouma gwa, wopanda dontho la msuzi. Therere linali mbwee kuseri kwa nyumba.

Maynard anatsamwa, misozi ili chuchuchu, mbamu yagwera pamphasa.

"Tolani, bambo," anatero Esnath, akumusendezera mbale.