Pepala Limodzi Lomwe Anandigawira

Tili Folomu 3 ku Mitundu, mtsogoleri wa gulu lathu anayendetsa kakalata kogawa ntchito. Iyeyo afotokoza matenda a fodya pa mapepala asanu apulasitiki oonetsera pakhoma, anzathu awiri atenga atatuatatu, ine limodzi lokha la mawu othokoza, ndipo tonse timupatse pofika Lachitatu. Mawu othokoza! Chonsecho amene ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje kukafunsa alimi ndinali ine.

Papepala langalo ndinakoperapo kakalata kake komweko, pansi n'kulemba dzina la amene anakafufuza kwa alimi. Polandira sanaliwerenge n'komwe. Litawala pakhoma, aphunzitsi anamufunsa kuti, "Achimwene, ku Nathenjeko munacheza ndi alimi angati?"

Iye anatembenukira kwa ine. Aphunzitsi analamula kuti matendawo ndifotokoze ine, iyeyo azindisinthira mapepala pamakina oonetsera. Mpaka lero akuti ndimupepese. Adikira ndithu.